Kulemba nkhani ya mwana amene amasula uthenga wa zilembo zosunthidwa napeza wotchi ya agogo

Nkhani ya mtundu uwu imakoma ngati mwana amene akuiwerenga angathe kutenga pensulo n'kumasula yekha uthengawo asanafike pa tsamba lomaliza. Mukamulanda mwayi umenewu, mwamunamiza. Ndiye ntchito yaikulu ya mlembi ili pokonza uthenga woona, wopanda chilembo cholakwika ngakhale chimodzi, ndi posiya zizindikiro zokwanira kuti mwana wa sitandade 5 azitsatire ndi nzeru zake. Pano ndikuonetsani mmene ndimachitira, pogwiritsa ntchito nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

1. Yambani ndi chinthu chobisikacho komanso chifukwa chake

Musayambe ndi zilembo. Yambani ndi mafunso atatu: chabisidwa n'chiyani, anabisa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani sanangouza anthu pakamwa. Funso lachitatuli ndi limene limagwetsa nkhani zambiri, chifukwa munthu wamkulu sangolemba zachinsinsi popanda chimene akuopa.

M'nkhani yanga, chobisikacho ndi wotchi yapamkono yopukusa imene agogo aamuna, malemu aPhiri, anagula ku Joni. Anapita pa Wenela ali mnyamata, mu 1971, n'kukagwira mumgodi zaka ziwiri. Chakachi ndinachisankha dala, chifukwa mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi ambiri anafa, ndipo boma la Malawi linaimitsa ulendo umenewu. Mukaika gogo wanu pa Wenela mu 1975, achikulire akupezani bodza. Ku komponi, aPhiri ankalembera anzawo makalata opita kumudzi, ndipo n'kumeneko kumene anazolowera kuseweretsa zilembo.

Wotchiyo anaibisa mu Febuluwale 2002, njala itafika posauzana. Pakhomo anali atagulitsa kale mbuzi, njinga ndi wailesi pa mtengo wozizira kuti apeze chimanga, ndipo chotsatira chinali wotchi. APhiri anaikwirira usiku, nauza akazi awo kuti yasowa. Anamwalira chaka chomwecho asanaulule. Apa payankhidwa funso lina limene mwana wochenjera adzakufunsani: bwanji sanaifukule njala itatha? Komanso mwapeza bala la m'banja, chifukwa agogo aakazi, aNabanda, akhala zaka 10 akukhulupirira kuti amuna awo anaigulitsa mobisa n'kudya okha ndalama. Nkhani ikuchitika mu 2012, ndipo mdzukulu wawo Tadala, amene anali wakhanda pa nthawi ya njala, tsopano ali ndi zaka 11.

Malo obisirapo akhale oti angapirire zaka zonsezo. Nkhokwe imamangidwanso, denga la udzu limafoleredwanso, mtondo umadyedwa ndi chiswe. Ine ndinasankha pansi pa mphero. Mwala suola, ndipo kumudzi kwa aNabanda, kumene aPhiri anali mkamwini, mpheroyo inachokera kwa amayi awo. Wotchi ili m'botolo lagalasi la pakamwa papakulu, yokulungidwa m'kansanza, chivindikiro chomatidwa ndi phula la kandulo.

2. Lembani uthengawo m'Chichewa chabwinobwino

Ukhale waufupi, mawu osapitirira 10 kapena 12. Mwana amatopa akamasula zilembo zoposa 50, ndipo nkhani imaima. Koma usafupikenso kwambiri, chifukwa mawu atatu okha sapatsa mwana pogwira. Wanga ndi uwu, mawu 9, zilembo 41:

```
MDZUKULU WANGA KUMBA PANSI PA MPHERO YA AGOGO AKO
```

Sindinatchule wotchi kuti owerenga asadziwiretu chimene chili pansipo. Ndinapewanso mawu okhala ndi kachizindikiro kam'mwamba, monga m'nyumba kapena ng'ombe. Kachizindikiro kameneka sikasuntha, ndiye mawu akayamba ndi chilembo chimodzi chotsatidwa ndi iko, aliyense amadziwa kuti ndi M kapena N, ndipo chinsinsi chatha mwana asanatuluke thukuta. Ngati mukulembera ana aang'ono kwambiri, mungakasiye dala kuti kawathandize. Mipata ya pakati pa mawu isiyeni mmene ilili. Mudzaifuna kutsogoloku.

3. Sankhani nambala, kenaka sunthani zilembo

Njirayi ndi yakale. Juliasi Kaisara wa ku Roma ankalemba makalata ena achinsinsi posuntha chilembo chilichonse malo atatu, A n'kukhala D, ndipo Augusto amene anabwera pambuyo pake ankasuntha malo amodzi. Pa alifabeti ya zilembo 26, pali masunthidwe 25 okha otheka, choncho munthu wodekha angathe kuyesa onse madzulo amodzi. Pa zinsinsi za boma njirayi ilibe ntchito, koma pa nkhani ya ana kufooka kwakeko ndiye phindu lake.

Gwiritsani ntchito zilembo zonse 26, kuphatikizapo Q ndi X, ngakhale kuti mawu a Chichewa sazifuna. Ana anaphunzira alifabeti ya zilembo 26 kusukulu, ndipo akamawerenga pa zala adzatchula zonse. Chilembo Ŵ chitengeni ngati W.

Ine ndinatenga 3. Nambala yaikulu ngati 17 imachititsa mwana kusokoneza powerenga zala, ndipo 4 ndimaipewa chifukwa imasandutsa A kukhala E, E kukhala I, ndiye uthenga umaoneka ngati chinenero chenicheni cholembedwa molakwika, mwana n'kumayesa kuuwerenga mokweza mmalo mousanthula. Nambala 3 ilinso ndi malo ake pakhomo: pansi pa uthenga aPhiri anajambula timiyala titatu, mafuwa.

Lembani mizere iwiri papepala, wapamwamba zilembo zenizeni, wapansi zosunthidwa:

```
A B C D E F G H I J K L M N O P Q R S T U V W X Y Z
D E F G H I J K L M N O P Q R S T U V W X Y Z A B C
```

Taonani kumapeto: X, Y ndi Z zasowa kolowera, ndiye zabwerera koyamba n'kukhala A, B ndi C. Tsopano tengani chilembo chimodzichimodzi, osathamanga. M akhala P, D akhala G, Z akhala C, U akhala X, mpaka uthenga wonse utere:

```
PGCXNXOX ZDQJD NXPED SDQVL SD PSKHUR BD DJRJR DNR
```

Mukatha, bisani uthenga woyamba uja, ndipo mawa lake mumasule uwu chobwerera ngati simukuudziwa. Ine ndinachitapo manyazi pamaso pa ana a gulu lowerenga limene ndinkathandiza: ndinalemba V pamene panafunika U, ndipo mphero inatuluka mpheso. Mtsikana wina anakhala mphindi 20 akufufuta ndi kulembanso, akuganiza kuti wolakwa ndi iye, mpaka pepala linabooka. Kuyambira tsiku limenelo ndimawerenga zilembo za mawu aliwonse mbali zonse ziwiri, 8 ndi 8, 5 ndi 5, ndisanapatse munthu. Ngati mukulemba pafoni, zimitsani kaye kokonza mawu kaja, chifukwa kamasintha zilembo mwakachetechete.

4. Mwana amasule ndi chimene Chichewa chimamupatsa

Gawo ili ndiye mtima wa nkhani, ndipo ndikhalapo pang'ono. Olemba ambiri amangoti mwana anayang'ana pepala, nzeru zinamubwerera, basi wamasula. Owerenga sanaone kanthu. Muyenera kuonetsa chimene maso a mwanayo anaona.

Katswiri wina wa ku Bagidadi, Al-Kindi, analemba m'zaka za m'ma 800 kuti uthenga wotere umagonja ukawerenga chilembo chimene chikubwera kawirikawiri, chifukwa chinenero chilichonse chili ndi chilembo chake chokondedwa. M'Chingerezi ndi E. M'Chichewa ndi A, ndipo amaposa zinzake kutali. Mu uthenga wathu D akupezeka ka 8, pamene zotsatira zake, X ndi R, zikupezeka ka 4 chilichonse.

Koma Chichewa chili ndi mphatso ina yoposa pamenepa: mawu ake amathera ndi vawelo. Ndiye mukasiya mipata, chilembo chomaliza cha mawu aliwonse chiyenera kukhala A, E, I, O kapena U atavala chovala china. Zilembo zomaliza mu uthenga wathu ndi zinayi zokha: D, L, R ndi X. Kuchokera pa D kufika pa L ndi masitepe 8, pa L kufika pa R ndi 6, pa R kufika pa X ndi 6. Kuchokera pa A kufika pa I ndi 8, pa I kufika pa O ndi 6, pa O kufika pa U ndi 6. Zagwirizana ndendende. Mwana wa zaka 11 safunika kuwerenga mipata yonseyi m'nkhani, kungoona kuti mawu anayi akuthera ndi D n'kokwanira, koma inu mlembi dziwani kuti maziko ndi olimba chotere.

Musamulole apambane ulendo woyamba. Uthenga uwu uli ndi msampha wabwino umene unabwera wokha. Mawu oyamba ali ndi X katatu, ndiye mwana wopupuluma aganiza kuti X ndiye A. Akatero, asuntha zilembo zonse kupita kutsogolo malo atatu, ndipo timiyala titatu tija timulimbitsa mtima kuti walondola. Zotuluka zake ndi SJFAQARA ndi CGTMG. Mmene ndinalembera chigawo chimenechi ndi motere:

Tadala anakhala pakhonde, buku la nyimbo la agogo ake lili pamiyendo. Kapepalako anakapeza kakumatirira kuchikuto chakumapeto, kofiirira ngati tsamba la fodya. Anakopera zilembozo m'kope lake la masamu.

"Aphunzitsi anati m'Chichewa mulibe Q," anadziyankhulira yekha, akuyang'ana SJFAQARA. Anayesa mawu achiwiri. CGTMG. Anayesa kuwatchula, lilime linakana.

"Ukung'ung'udza chiyani iwe?" anafunsa aNabanda ali pamphasa, akutongola chimanga.

"Palibe agogo, ndi zakusukulu."

Anafufuta. Kenaka anaika chala kumapeto kwa mawu aliwonse, akutsika nawo mzere. D. D. L. D. R. D. Anakumbukira mmene amaimbira mayina m'kalasi: Tadala, Chisomo, Mphatso, Takondwa. Palibe dzina limene limathera panjira, onse amathera kukamwa kuli kotsegula. Analemba A pansi pa D aliyense. Kuchoka pa D kubwerera pa A, anawerenga zala: C, B, A. Zitatu. Anayang'ananso timiyala tija, mtima unagunda.

Onani kuti mafuwa aja sanamuuze yankho. Anamusokeretsa kaye, kenaka anamutsimikizira atapeza yekha kuti ayenera kubwerera m'mbuyo. Chizindikiro chabwino chimagwira ntchito chotero.

Patsala chopunthwitsa chimodzi, ndipo ndinaika Z ndi Y mu uthenga chifukwa cha ichi. Tadala akafika pa C wa m'mawu oyamba, abwerera B, A, kenaka alifabeti yatha. Musamuthandize. Asiye mpata n'kupitiriza, ndipo apeza MD_UKULU. Mwana aliyense wa Chichewa adzaza yekha mpatawo, ndipo akadziwa kuti C ndi Z, wazindikira kuti alifabeti yazungulira ngati mkanda wa m'khosi. Akafika pa BD savutikanso, ndi YA. Komanso mawu oyamba amene akumasula ndi oti mdzukulu, kutanthauza kuti pepalalo likuyankhula ndi iye. Pamenepa lekani kufotokoza za zilembo kwa mizere iwiri kapena itatu, mwanayo angokhala phee ndi mawu amenewo.

Mawu otsalawo musawamasule limodzilimodzi m'nkhani. Onetsani awiri kapena atatu mwatsatanetsatane, enawo adutse m'chiganizo chimodzi, kuti wowerenga wa pensulo uja akhale ndi ntchito yake.

5. Uthenga ukamasulidwa, mwana afunebe munthu wamkulu

Tadala akangokumba n'kupeza wotchi, nkhani yasanduka masamu. Chimene ndimachita n'chakuti uthenga unene zoona, koma zoona za 2002. Mphero inasiya ntchito kalekale chigayo chitafika pafupi, ndipo pano ili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zimamwerapo madzi. Tadala aitana mlongo wake wamng'ono, aigubuduza ndi mpini wa khasu, akumba mpaka m'chigongono, apeza mizu ndi nyongolotsi basi. Pepala silingamuuzenso china. Wodziwa pamene mphero inkakhala kale ndi mmodzi yekha, ndipo ndi yemwe uja safuna kumva dzina la wotchi.

"Agogo, kodi mpheroyi inkakhala pomwepa kuyambira kale?"

"Ayi. Inkakhala m'khitchini yakale, kuseri kwa chitseko. Wafunsiranji?"

Tadala anatulutsa kapepala kaja ndi kope lake, napereka ndi manja awiri atagwada. ANabanda sankadziwa kuwerenga, koma dzanja la amuna awo analizindikira.

"Tandiwerengere."

Khitchini yakale inagwa, pangotsala chiunda chomera bonongwe. Agogo ayenda okha ndi ndodo, aima, ayang'ana kumene kunali khomo, aloza pansi. Apa mwana wabweretsa zilembo, agogo abweretsa chikumbumtima cha malo, ndipo popanda mmodzi wa iwo botolo silituluka.

Pa mathero samalani zinthu ziwiri. Wotchi imene yakhala m'dothi zaka 10 isayambe kuyenda pongoipukusa, ana amadziwa kuti zimenezo n'zabodza. Lamba wake akhale wouma, galasi lochita nkhungu. Chachiwiri, musakakamize aNabanda kusangalala. Amuna awo sanadye ndalama mobisa monga ankaganizira, komabe anabisa chinthu chogulitsika ana akugona ndi njala. Zonse ziwiri n'zoona, ndipo mayi wachikulire angathe kuzisunga pamodzi mumtima osanena. Ine ndinamaliza ndi aNabanda ataika wotchi pakhutu nthawi yaitali ngakhale kuti sinkalira, kenaka akuuza Tadala kuti, "Tenga madzi usambe m'manja, ubwere ndikuuze za ku Joni."

6. Yesani nkhaniyo pa mwana weniweni

Nkhani yonse ikhale ya mawu pakati pa 1,000 ndi 1,500, ndipo uthenga wobisika uoneke msanga, m'ndime zitatu zoyambirira, pa mzere wakewake, m'zilembo zazikulu. Pezani mwana wa msinkhu wa Tadala, mumupatse nkhaniyo mutapinda pepala pamene Tadala wayamba kumasula, pamodzi ndi pensulo, ndipo inu mukhale chete. Akamasula pasanathe mphindi ziwiri, ndiye kuti mwaulula zambiri, mwina mafuwa mwawatchula ndi nambala yake. Akadutsa mphindi 15 osapeza pogwira, onjezani chizindikiro chimodzi koyambirira, monga aphunzitsi akunena m'kalasi kuti mawu a Chichewa amathera ndi vawelo. Yang'anani pamene pensulo yake yaima nthawi yaitali. Ngati yaima pa C ndi pa B, zili bwino, mpomwe munafuna. Ngati yaima pena, tengani mizere iwiri ya alifabeti ija muonenso chilembo chimenecho musanamuuze mwanayo kuti walakwitsa.